Outlook ikuchedwa kutseguka komanso ikumauma, ndipange bwanji?

"Abale ndithandizeni, Outlook yanga pa laputopu ya kuntchito ikumatenga mwina maminitsi atatu kuti itseguke, nthawi zina ikungouma n'kulemba Not Responding. Wina akuti ndiifomate, ndi zoona?"

Ayi achimwene musafomate kaye, zimenezo mungotaya tsiku lonse pachabe. Nthawi zambiri vuto limakhala timapulogalamu tina tomwe timadziphatika pa Outlook, tija amatilemba kuti Add-ins, monga ta antivayirasi, ta PDF, ta mamiting'i a Teams ndi tina. Outlook ikamatseguka imayamba yatidzutsa timeneti, ndiye kamodzi kokha kakakhala kakale kapena kakudikira netiweki yomwe sikubwera, basi zonse zaima.

Yambani ndi sefu modi. Tsekani Outlook, muonenso mu Task Manager kuti yatsekekadi chifukwa imatha kutsalira kumbuyo osaoneka, kenako dinani batani la Windows limodzi ndi R mulembe izi:

```
outlook.exe /safe
```

Pakati pa exe ndi kamzere ako pali sipesi, ambiri amaiwala. Kapena ingogwirani Ctrl uku mukutsegula Outlook, ikufunsani ngati mukufuna sefu modi muvomere. Umu imatseguka popanda timapulogalamu tija. Ikatseguka mwachangu ndiye kuti wakuba ali m'nyumba momwemo, koma dziwani kuti sefu modi sikonza kanthu, imangokulozerani koyang'ana, mukatsegula mwa nthawi zonse vuto mulipezanso.

Muli momwemo pitani pa File, Options, Add-ins, pansi pomwe palembedwa Manage sankhani COM Add-ins mudine Go. Jambulani kaye ndi foni mndandanda umene watulukawo kuti muzikumbukira zomwe zinali zochongedwa, kenako chotsani zochonga zonse. Osadina Remove chonde, kuchotsa kachongako n'kokwanira, Remove kubwezera kwake kumavuta. Tsekani, mutsegulenso Outlook mwa nthawi zonse. Ngati yathamanga, tsopano ndi nthawi yofufuza kuti ndi kati.

Anthu amati muzibwezera kamodzikamodzi, zimatheka koma ndi zotopetsa poti ulendo uliwonse muyenera kutseka n'kutsegulanso. Ine ndimagawa pakati. Tinene kuti muli nato 8, chongani 4 toyamba mutsegulenso. Ikachedwa ndiye kuti kolakwako kali mwa 4 timeneti, ikathamanga kali mwa 4 tinato. Pa 4 tokayikitsato siyani 2 tokha tochonga muyesenso, kenako 1, mwakagwira pa maulendo atatu m'malo mwa 8. Pomaliza chongani tonse kupatula kameneko mutsimikize, chifukwa zimachitika kuti tolakwa ndi tiwiri ndiye mukachotsa kamodzi imangochepako kuchedwa osatheratu.

Palinso njira ina yomwe ambiri saidziwa. Outlook imalemba yokha nthawi imene kalikonse katenga podzuka. Pa Windows ndi R pomwe paja lembani `eventvwr`, pitani pa Windows Logs kenako Application, mufufuze mzere womwe Source yake ndi Outlook ndipo Event ID ndi 45. Mmenemo muli dzina la kalikonse ndi Boot Time (Milliseconds), 1000 ndiye sekondi imodzi. Mukaona tina tili pa 30 kapena 150 koma kamodzi kali pa 40000, palibenso chofunsa. Kungoti izi zimaonetsa za potsegula pokha, ngati ikumauma mukamatumiza imelo kapena potsegula atachimenti pamenepo mubwerere ku njira yogawa ija, ndipo ulendo uliwonse muzichita chomwe chimaiumitsacho, osangoona kuti yatseguka basi.

Mukakapeza kasiyeni kosachonga, ngati mumakagwiritsa ntchito pangani apudeti pulogalamu imene inakabweretsayo. Poti ndi laputopu ya kuntchito, mwina ikana kuchotsa chochonga n'kulemba za HKEY_LOCAL_MACHINE, kutanthauza kuti kanaikidwira onse ogwiritsa ntchito kompyutayo ndipo pakufunika adimini, apo itanani a IT, makamaka kakakhala ka antivayirasi musalimbane nako nokha.

Nanga ikathamanga mu sefu modi koma mwachotsa zochonga zonse ikuchedwabe? Sefu modi imadumphanso zina zomwe munasintha pa kaonekedwe kake, ndiye yesani `outlook.exe /resetnavpane`, kungoti mafoda omwe munaika pa Favorites mudzawaikanso. Ikamachedwa ngakhale mu sefu modi momwemo ndiye timapulogalamuto tilibe mlandu, kayikirani pulofayilo kapena fayilo ya maimelo ija ya .ost kapena .pst kuti yakula kwambiri kapena yawonongeka, pangani pulofayilo yatsopano pa Control Panel, Mail, Show Profiles muone ngati zisinthe.

Zonsezi ndi za Outlook yakale ija, yomwe pano akuilemba kuti classic. Yatsopanoyo silandira n'komwe COM Add-ins, ndiye mutiuze kuti yanuyo ndi iti komanso mu sefu modi yatenga masekondi angati.