Kugawira ena ntchito osawononga dzina lanu

"Ndimalemba nkhani zamalonda ndekha, koma makasitomala achuluka. Ndingawagawire bwanji ena ntchito popanda kutsitsa mulingo?"

Achimwene, musayambe ndi ntchito ya kasitomala wanu wamkulu. Munthu watsopanoyo mumuyese ndi nkhani imodzi yaifupi, mumulipire, ndipo mumupatse nkhani ziwiri zomwe kasitomala anazivomereza kale, pamodzi ndi tsamba limodzi lofotokoza kalembedwe komwe amafuna ndi mawu omwe amadana nawo.

Nthawi ndiye pamene ambiri amagwera. Ngati kasitomala akufuna nkhani Lachisanu, wolembayo akupatseni Lachitatu m'mawa, kuti mukhale ndi masiku awiri owerenga ndi kubweza. Pobweza, musakonze nokha mwakachetechete, ayi. Musonyezeni cholakwikacho akonze yekha, apo ayi mawa adzachibwereza. Akabwereza cholakwika chomwe chalembedwa kale pa tsamba lija, ndiye kuti sawerenga malangizo, ndipo ine wotereyo sindingapitirize naye.

Werengeraninso ndalama. Tinene kuti nkhani imakudyerani maola anayi. Ngati mwamupatsa theka la malipiro koma kukonza kwakudyerani maola atatu, mwaluza, chifukwa mwagwira ntchito pafupifupi yonse pa theka la mtengo. Kukonza kuzitsika mpaka ola limodzi musanaonjezere munthu wachiwiri.

Ndipo yang'anani mgwirizano wanu ndi kasitomala; ena saloleza kuti munthu wina aone zinsinsi zawo.