Envelopu ya Fort Manning: muike mtengo kapena okushoni?

*"Abale, m'sutikesi ya malemu agogo kuno ku Mchinji tapezamo mapeni akale obooka pakati, ndalama yapepala ya paundi imodzi ya nkhope ya Kamuzu, ndi envelopu yokhala ndi sitampa ya Nyasaland yodindidwa Fort Manning. Mchemwali wanga ali ku Mangalande ndipo ali ndi akaunti ya eBay. Kodi tiike mtengo umodzi wokhazikika kapena tipange okushoni?"*

Achimwene, zinthu zitatuzo musazigulitse mofanana. Pamapeni ndi paundiyo yankho ndi losavuta, koma envelopuyo ndiyo yofunika kuiganizira bwino, chifukwa ndi pomwe mungaluze ndalama osazindikira n'komwe.

Chimene anthu ambiri sachidziwa pa okushoni ya eBay, msika wa pa intaneti uja, n'chakuti mtengo womaliza sauika ndi amene wapambana ayi, amauika ndi amene wagonja. Wogula aliyense amalemba mwachinsinsi ndalama yomwe angathe kufikapo, ndiye makinawo amamuponyera mtengo pang'onopang'ono, kungopitirira mnzake ndi kandalama kochepa. Tiyerekeze kuti envelopuyo mwaiyambitsa pa mapaundi 5. Munthu wina amene amasonkhanitsa zidindo za mapositi ofesi a Nyasaland walemba kuti angafike 60, ndipo wachiwiri walemba 22. Woyamba uja atenga envelopuyo pa 23 basi, ngakhale anali wokonzeka kulipira 60. Wachiwiriyo akanalemba 58, mtengo ukanathera pa 59. Koma tsoka lenileni ndi ili: ngati sabata imeneyo wachiwiriyo sanatsegule foni, woyamba uja akutengerani katundu pa mapaundi 5 omwe munayambira aja, ndipo malamulo a msikawo amafuna kuti mumutumizire ndithu. Manambalawa ndangopereka monga chitsanzo, sikuti ndiwo mtengo wa envelopu yanu.

Amene anagulitsapo fodya ku Chinkhoma ku Kasungu akudziwa zimenezi. Ogula akachuluka pamzere, belo limakwera. Akakhala ochepa, tsamba labwinobwino limapita pamtengo wolira nawo kapena kubwezedwa kumene, pamene wa kontrakiti amapita kumsika akudziwa kale kuti wogula wake alipo. Ndiye funso lofunika kudzifunsa si lakuti chinthuchi n'chosowa kapena ayi. Funso ndi lakuti, kodi m'masiku 7 amene okushoni ikhale ikuyenda, papezeka anthu awiri kapena kuposerapo amene akuchifunitsitsa?

Yankho lake lili pa eBay pomwepo. Auzeni achemwali alembe dzina la chinthucho pofufuzira, kenako asankhe Sold items. Apo ndi pomwe pamaoneka zimene zinagulidwadi m'masiku pafupifupi 90 apitawa, mtengo wake, komanso anthu angati anaponya mitengo ngati inali okushoni. Mitengo ya zinthu zomwe zikadali pamsika isakupusitseni. Munthu akhoza kulemba mapaundi 500 pa peni imodzi n'kukhala nayo zaka zitatu osagulidwa.

Mapeni obookawo, ngati ali ndi njovu ziwiri, ndi a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, opangidwa pakati pa 1955 ndi 1963. Anapangidwa ambirimbiri, ndipo mukafufuza muona kuti amagulidwa pafupipafupi pamtengo wotsika womwe susinthasintha. Chinthu chotere palibe amene angalimbirane, chifukwa akaphonya chanu apeza china mawa. Aphatikizeni onse pamodzi, ikani Buy It Now, ndiye kuti mtengo wokhazikika, pamtengo wapakati wa omwe mwaona, nkhani yatha. Musawatsuke ndi phulusa kapena mandimu kuti awale, ogula amatsitsa mtengo akaona kuti ndalama yapalidwa.

Paundi ija ili pakatikati. Ndalama zapepala zoyamba za Malawi ndi za 1964, ndipo zinasiya ntchito kwacha itabwera mu 1971. Osonkhanitsa ndalama zapepala ndi ambiri padziko lonse, ndipo amadziwa mitengo yake bwino. Chimene chimasiyanitsa ndi maonekedwe. Yopindikapindika, yakuda m'mbali, ili ndi mtengo wodziwika kale, ndiye ikani wokhazikika. Koma ngati agogo anaisunga m'Baibulo ndipo ikadali yolimba, yopanda mzere wopinda ngakhale umodzi, okushoni ikhoza kukuthandizani, chifukwa zabwino chonchi zimasowa ndipo ozifuna alipo okwanira kupikisana.

Tsono envelopu. Choyamba, sitampayo musaimatule. Masitampa wamba a Nyasaland a nkhope ya mfumu George VI kapena mfumukazi Elizabeth paokha sakwera mtengo kwenikweni. Chimene wogula akufuna ndi envelopu yonse: chidindo choti chikuwerengeka dzina ndi tsiku, kumene kalatayo inkapita, ndi zidindo zakumbuyo ngati zilipo. Fort Manning ndi dzina lakale la boma lathu la Mchinji lomweli, ndipo makalata ochokera kuno anali ochepa poyerekeza ndi a ku Blantyre, Limbe kapena Zomba. Apa ndi pomwe anthu amasokonezeka. Amati popeza n'chosowa, okushoni ichikweza. Koma chinthu chikhoza kukhala chosowa, ochifunanso n'kukhala osowa. Osonkhanitsa zidindo za timapositi ofesi ta Nyasaland ndi kagulu kochepa, ambiri ndi achikulire, ndipo sakhala pa intaneti tsiku lililonse. Mwayi woti awiri a iwo akumane pa envelopu yanu sabata imodzimodzi si waukulu.

Ine ndikanakhala inu, ndikanafufuza kaye "Nyasaland cover Fort Manning" pa Sold items, kenako maenvelopu a nthawi yomweyo ochokera m'maboma ena ang'onoang'ono monga Kasungu, Dowa kapena Kota Kota, kuti ndione mulingo. Mukapeza kuti ofanana nawo anathera pa okushoni anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi akulimbirana, msika ulipo, pangani okushoni. Mukapeza kuti ambiri anagulidwa ndi munthu mmodzi yekha pamtengo woyambira, kapena simukupeza chilichonse, ikani Buy It Now pamtengo wokwererapo kuposa umene mukuyembekezera, muwonjezere Best Offer. Apo wogula amatha kukutumizirani mtengo wake, inu n'kuvomera, kukana, kapena kubwezera wina. Pali malo olembapo ndalama yotsikitsitsa kuti otchula mitengo yachipongwe azikanidwa okha osakusokonezani. Katundu wa mtengo wokhazikika amakhalabe pamsika mwezi ndi mwezi mpaka mutamuchotsa, ndiye mkulu uja wa mapaundi 60 adzaipeza envelopuyo tsiku lomwe adzatsegule kompyuta yake, kaya ndi mwezi wachitatu. Ndipo popeza palibe makina omutsitsira mtengo, mukhoza kugwirizana pa 45 kapena 50 m'malo mwa 23.

Ubwino wina wa njira imeneyi ndi wakuti imakuphunzitsani mtengo popanda kutaya katunduyo. Ikatha milungu itatu popanda woyang'anira kapena wotumiza mtengo, mwakweza kwambiri, tsitsani pang'ono. Mukaona anthu angapo aiika pa Watchlist, mndandanda wa zinthu zomwe akuziyang'anira, ndipo awiri atumiza mitengo yoyandikana, dziwani kuti opikisana aja apezeka, ndipo mukhoza kuichotsa n'kuiika pa okushoni. Kuchoka pamtengo wokhazikika kupita ku okushoni n'kotheka nthawi iliyonse. Koma okushoni ikatha motsika palibe kubweza. Ngakhale itatha osagulidwa, omwe ankaiyang'anira aona kale kuti pa mapaundi 10 panalibe woifuna, ndiye mukadzailemba 50 adzakuyankhani ndi 12.

Kuipa kwake kulipo ndithu. Ngati envelopuyo ili ndi kanthu kapadera komwe inu simukukadziwa, monga chidindo cha ofufuza makalata cha nthawi ya nkhondo ya 1939 mpaka 1945, wodziwa adzaigula mphindi zochepa mutangoiika, ndipo kugulidwa msangamsanga koteroko ndi chizindikiro choti munatchipitsa. N'chifukwa chake ndikuti yambirani pamwamba, ndipo jambulani kutsogolo ndi kumbuyo komwe, pamalo owala, chidindo chizioneka chilembo chilichonse.

Mukasankhabe okushoni, mwina chifukwa pali sukulu fizi yomwe singadikire miyezi, mtengo woyambira ukhale umene simungadandaule nawo ngati wogula atapezeka mmodzi yekha. Zoyambira pa mapeni 99 n'za ogulitsa akuluakulu okhala ndi anthu mazanamazana owatsatira, omwe akaluza pa chimodzi amabweza pa china. Inu muli ndi envelopu imodzi. Pali njira ya Reserve price, yobisa mtengo womwe simungagulitse pansi pake, koma imalipitsa ngakhale katunduyo asagulidwe, ndipo ogula ena akaona kuti pali mtengo wobisika amangodutsa. Sankhani masiku 7 kapena 10, osati 1 kapena 3. Okushoni imatha pa ola lomwe inayambira, ndiye achemwali aiyambitse madzulo a kumeneko, anthu ataweruka. Ife timakhala patsogolo pa Mangalande ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okotobala, ndi maola awiri miyezi inayo. Mtengo ukaima phee masiku asanu ndi limodzi musatekeseke, odziwa masewerawa amaponya m'masekondi omaliza kuti anzawo asapeze mpata wowapitirira. Ndipo musatume msuweni kuti aziponya mitengo yabodza yokwezera, n'zoletsedwa, ndipo akaunti ya achemwali ikhoza kutsekedwa.

Mwina ena akuuzani kuti mungogulitsa kuno komweko kudzera pa Facebook kapena WhatsApp. Zachitsulozo mukhoza, pamtengo wokhazikika, ndalama ibwere kaye pa Airtel Money kapena Mpamba. Koma okushoni ya kuno ili ndi vuto lakuti palibe chomukakamiza wopambana kulipira. Munthu amatchula K150,000 kuti anthu amuone, nthawi ikakwana foni yake siyankhidwa, ndipo wachiwiri uja mukamuimbira akuti ndinasintha maganizo. Ngakhale pa eBay osalipira alipo, kungoti kumeneko pakatha masiku 4 mukhoza kuthetsa malondawo n'kupereka mwayi kwa wachiwiri kudzera pa Second Chance Offer. Mukaika mtengo wa makwacha n'kuusiya miyezi, muziuonanso kawirikawiri. Tonse tikukumbukira Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Envelopuyo ifike kaye m'manja mwa achemwali musanaiike pamsika, itakutidwa pakati pa makatoni awiri olimba, osaipinda ndiponso osaimata ndi selotepu. Wogula akalipira amayembekezera kuti itumizidwa m'masiku ochepa omwe munalonjeza, ndipo ikachedwa chifukwa ikuchokera ku Mchinji ali ndi ufulu woitanitsa ndalama yake.