Uthenga wa chaka chatsopano kuntchito: mawu oti "tikule limodzi" ndi ngongole

Mayi wina watumiza imelo iyi: "Ndili ndi shopu yosindikiza, tilipo 9. Mwezi ndi mwezi ndimalemba kakalata ka nkhani za pantchito nkutumiza pa gulupu yathu ya WhatsApp. Ka Januwale ndikufuna kakhale kakafupi, konena zoti tikule limodzi chaka chino. Ndalemba kanayi konse koma kakumveka ngati ulaliki. Ndipange bwanji?"

Mayi, Chichewa chanu chilibe vuto, chakuvutani ndi mawu oti kukulawo. Inu mukati tikule mukuwona makina atsopano ndi makasitomala ambiri, koma mnyamata wodula mapepala uja akamva tikule akumva salale basi, ndipo sakulakwa. Januwale uyu ndi mwezi wa galu wakuda, fizi ya temu yachiwiri ikufunika, feteleza wobereketsa akufunika kumudzi, ndalama ya Disembala inapita ndi Khirisimasi, ndiye munthu akuwerenga uthenga wanu pa bandulo yotsala pang'ono kutha akufufuza mzere umodzi wokha wonena zoti iyeyo apezapo chani. Akaupanda kuupeza amangoyika kachala ka chabwino kaja nkupitiriza zake.

Ndiye musanalembe khalani kaye pansi ndi buku la maakaunti, musankhe chinthu chimodzi chomwe mungakwanitse kuwapatsa ngakhale bizinesi itavuta. Chimodzi chokha. Ngati kukweza malipiro simungathe musakuzungulire ndi mawu oti "zinthu zikayenda tiwonana", amenewo anthu amawasunga ngati risiti ndipo Juni akafika adzakukumbutsani. Nenani tsiku lomwe mudzakambirane nkhaniyo, kenako lonjezani chomwe chili m'manja mwanu, kaya ndi kuphunzitsa munthu makina ena, kaya kulipira ovataimu sabata yomweyo. Paja fodya ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Ndikanakhala ine ndikanalemba motere, manambala ndi masikuwa ndangoyerekeza, muyikemo anu enieni:

"Anzanga, takulandiraninso. Chaka chatha tinkamaliza maoda pafupifupi 40 pa mwezi, pofika Novembala tinafika 55, ndipo ndikudziwa kuti ena munkaweruka usiku kuti makalendala atuluke. Zikomo. Pomwe ndinalakwitsa ine ndi pa ovataimu, inkachedwa. Chaka chino izilipidwa Lachisanu la sabata yomweyo. Kuyambira Febuluwale, Lachitatu lililonse 3 koloko tizitseka ola limodzi kuti aliyense aphunzire ntchito ya mnzake, wa pa kauntala adziwe makina, wa makina adziwe kuwerengera mtengo. Za malipiro tikhala pansi pa 28 Malichi titawona mabuku. Pofika Lachisanu aliyense andiuze ntchito imodzi yomwe akufuna kuphunzira."

Mawu ake sakufika ndi 100 omwe, ndipo mwawona kuti tikule limodzi mulibemo? Koma kukulako kulimo, kuli mu Lachitatu lija. Mzere wovomera kulakwa uja musauchotse ngakhale ukuwawa, ndi umene umapangitsa kuti enawo akhulupirike, chifukwa bwana amene wanena yekha kuti ovataimu inkachedwa anthu amadziwa kuti sakuwerenga za pa kalendala ya kubanki. Kungoti chikhale cholakwa chanu inuyo. Za kuchedwa kwa antchito m'mawa si za mu uthenga uno, zimenezo muyitane munthuyo pambali.

Pa zoyamika samalani. Mu gulu la anthu 9 mukatchula mayina atatu, 6 otsalawo awerenga kuti ife ndiye sitinagwire ntchito eti. Tchulani ntchito yomwe inagwiridwa, kapena tchulani onse. Miyambi nayo, mutu umodzi susenza denga unatopa kale, msonkhano uliwonse umakhalapo, usiyeni upume. Vesi ngati mumapemphera limodzi palibe vuto, koma ngati pali Asilamu ndi Akhristu kungoti Mulungu atitsogolere kwakwana.

Tsiku lotumiza, pa 1 Januwale ayi, umira m'mafoni odzadza ndi zithunzi za maluwa ndi makombola. Tumizani m'mawa wa tsiku loyamba kapena lachiwiri mutatsegula, isanafike holide ya Chilembwe pa 15. Muyambe mwadzitumizira nokha pa foni, mukawona WhatsApp yaudula nkulemba "Read more" ndiye kuti watalika, chotsani ziganizo zonse zomwe shopu ina iliyonse ikanathanso kulemba.

Kuti mudziwe ngati wagwira musawerenge ma amen ndi timitima. Werengani anthu amene ayankha funso lomaliza lija pofika Lachisanu. Akayankha awiri okha musakwiye, ena amachita manyazi kulemba pa gulu pomwe pali abwana, afunseni mmodzimmodzi pa nthawi ya tiyi. Ndipo mu kalata ya Febuluwale mzere woyamba unene kuti Lachitatu loyamba linachitika, ndani anaphunzira chani, ndi kuti ovataimu ya sabata yatha inalowa Lachisanu.