Wufa ya saundiba yangoti zii

"Abale ndagula saundiba ya Samsung ya kaunjika ndi wufa yake yopanda waya. Saundiba ikulira bwinobwino koma wufa yangoti zii, kumbuyo kukuyaka kagetsi kofiira. Nditani?"

Achimwene musamvere awo akuti muilumikize pa bulutufu ya foni, wufayo foni saidziwa, imamva saundiba yake yokha basi. Kagetsi kofiirako, saundiba ili choyaka, ndiye kuti awiriwa sanagwirizane.

Ikokeni kaye wufayo ikhale pafupi ndi saundiba, zonse zikhale pa magetsi. Kumbuyo kwake kuli kabatani kolembedwa ID SET, pa zina kamakhala kobisika mkati ndiye pamafunika nsonga ya bolopeni. Kadinikizeni osasiya masekondi 5 mpaka kofiira kathime, kabuluu ka LINK kayambe kuphethira mothamanga. Kenako saundiba ili choyaka gwirani batani la muvi woloza m'mwamba pa rimoti masekondi 5, pa sikirini ya saundiba palembedwa ID SET. Ngati ndi zakale zija mumayamba mwathimitsa saundiba kenako n'kugwira batani la Mute. Kabuluu kakasiya kuphethira n'kungoyaka ndiye kuti zatheka. Ikakhalabe chete dinani WOOFER pa rimoti muone nambala, mwini wakale mwina anaisiya pa -6, ikwezeni ifike 0 kapena +3 muyese ndi nyimbo ya besi yolemera, nkhani za pa TV sizingaigwedeze. Koma mukaona kofiira ndi kabuluu akuphethira onse ndi vuto la mkati limenelo, musavutike ndi mabatani.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi kaunjikayo. Ndinagulapo yanga kwa mnyamata wina mtauni, anandiyesera saundiba yokha phokoso la pamsewu lili tho, ine kusangalala kunyamula. Kufika kunyumba ndinakhala pa simenti mpaka usiku kudina ID SET, kabuluu kuphethira kenako kufiiranso, ana atandizungulira kudikira filimu. M'mawa nditawerenga zomata za kumbuyo ndi pomwe ndinaona kuti wufayo inali ya modelo ina, anangotola ziwiri zofanana mtundu. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndalamayo ndinasunga miyezi itatu. Ndiye inu onani lero lomwe, nambala ya saundiba imayamba ndi HW, ya wufa ndi PS-W, ilembeni ya HW yo pa intaneti muone ngati wufa yake ndi yomweyo. Zikasiyana thamangani mukabweze asanakukaneni.

Pa chomata chomwecho onaninso mphamvu ya magetsi, zina zochokera ku Amerika ndi za 120V zokha pomwe kuno ndi 230V, zimenezo zimapsa tsiku loyamba.

Wufayo ikagwira musaiyike pafupi ndi rauta, imadukaduka. Ndipo mugule ka gadi kaja timaika pa firiji, ine ndinagula cha m'ma K20,000, magetsi akathima n'kubwera mwamphamvu wufa ikhoza kupsa poti imakhala pa soketi nthawi zonse ngakhale mwathimitsa saundiba pa rimoti.