Foni ya "nyuwani" yabwera bokosi lili lotsegula, ndiyambire pati?

"Ndagula iPhone 13 pa K11,500 kwa munthu wogulitsa pa Facebook, shopu yake ili mu tauni. Analemba kuti ndi yatsopano. Wanjinga yamoto wandibweretsera kuno ku Chilenje, koma timapepala tomatira bokosi ndi tong'ambika, ndipo pobayira chaja pali fumbi. Wogulitsayo akuti anatsegula kuti aiyese, ndalama sabweza. Nditani?"

Asisi, choyamba siyani kuigwiritsa ntchito foniyo, ndipo musataye bokosi kapena jumbo yomwe inabweramo. Tsiku lililonse limene muli nayo m'manja likumupatsa wogulitsa mpata wonena kuti fumbilo ndi lanu.

Mlandu wanu musaumange pa timapepala tong'ambikato pokha, chifukwa yankho lake mwalimva kale. Umboni wolimba ndi wakuti foniyo inayamba kugwira ntchito musanaigule, ndipo foni yokhayo imaulula zimenezi.

Koma musanaifufuze, sungani lonjezo lake. Jambulani sikirinishoti ya positi yomwe analemba kuti ndi yatsopano, dzina la peji, mtengo ndi tsiku zikuoneka. Chitani lero, chifukwa positi imafufutidwa mkangano ukangoyamba. Sunganinso macheza a pa WhatsApp ndi meseji ya Airtel Money kapena MTN MoMo yoonetsa nambala yolandira ndalama. Ngati lisiti sanakupatseni, mesejiyo ikuthandizani kuonetsa kuti munalipira. Kenako jambulani bokosi mbali zonse, ndi pobayira chaja pafupi, kunja kukuwala.

Tsopano foni. Imbani *#06# ndipo IMEI yotulukayo, yomwe ndi nambala yozindikiritsa foni, muiyerekeze ndi yolembedwa kuseri kwa bokosi. Zikasiyana, bokosi si la foniyo. Ndiye lowani Settings > General > About, tengani Serial Number muilembe pa checkcoverage.apple.com. Apple imapereka waranti ya chaka chimodzi, choncho foni imene mwaiyatsa sabata ino iyenera kutsala ndi miyezi pafupifupi 12. Ikaonetsa kuti kwatsala miyezi 4, ndiye kuti inayamba kuwerenga miyezi 8 yapitayo, ndipo kuyesa kwa mphindi zochepa m'shopu sikungafotokoze zimenezo. Ikaonetsa kuti waranti inatha, umboni wanu wakwana pomwepo.

Pa About pomwepo onani chilembo choyamba cha Model Number. M ndi imene inatuluka ku fakitale ngati yatsopano, F ndi yokonzedwanso, N ndi yopatsidwa m'malo mwa ina yowonongeka. Chenjerani ndi M: foni yoti munthu wayenda nayo zaka 2 imakhalabe M, ndiye asakutsekeni pakamwa ndi chilembocho. Onaninso Battery Health pa Settings > Battery. Yatsopano imakhala pa 100%, ndipo 89% ndi batire lomwe lagwira ntchito miyezi yambiri. Koma 100% si umboni woti ndi yatsopano, batire amasintha. (Kwa ena mukuwerenga: kuyambira pa iPhone 13 mu 2021, bokosi silikutidwanso pulasitiki, limamatidwa ndi timapepala. Mukalipeza lokutidwa, wina walikuta yekha.) Chilichonse mwaonacho chijambuleni ndi foni ina.

Mukatero mulembereni, musamuimbire, kuti yankho lake likhale lolembedwa. Mwachitsanzo: "Munalemba kuti foni ndi yatsopano, ndinalipira K11,500. Waranti ikuonetsa kuti yatsala ndi miyezi 4 ndipo batire lili pa 89%. Ndikubweza foni, mundibwezere ndalama yonse pasanathe masiku 7. Kupanda apo ndipita ku CCPC." CCPC ndi bungwe la boma loteteza ogula. Pemphani chinthu chimodzi chokha. Mukati ndalama kapena foni ina kapena kuchotsera mtengo, adzasankha chomukomera. Musamunyoze kapena kumutchula wakuba pagulu, mungadziputire mlandu wina.

Mawu akuti sabweza ndalama asakuopseni. Lamulo nambala 24 la 2010, loteteza ogula, limaletsa pa gawo 47 kunamiza anthu kuti katundu ndi watsopano, ndipo gawo 48 limaletsa zikwangwani zokana udindo, monga zija za kusabweza ndalama. Ku CCPC pitani ndi zithunzi, macheza, meseji ya ndalama, dzina la shopu ndi pomwe ili. Kulinso khoti la milandu ing'onoing'ono, komwe mumadziyankhulira nokha popanda loya.

Pamene ambiri amaluzira ndi pobweza. Musaitumize ndi wanjinga pongolonjezedwa kuti ndalama ibwera madzulo, chifukwa mudzatsala opanda foni, opanda umboni. Chotsani akaunti yanu ya iCloud, pitani ku shopuko ndi mboni, foni muipereke ndalama italowa. Akaumirira kuti aisunge kaye aione, alembe kapepala kosainira kokhala ndi IMEI, tsiku ndi mmene foniyo ilili, inu mukajambule musanatuluke.