Matailosi oonjezera pa ntchito ya dayamondi: awerengereni ku makoma

"Ndikuphunzira ntchito yoyala matailosi kwa mmisiri wina kuno ku Ngabu. Mwezi watha tinayala chipinda mwa dayamondi, ndipo ngakhale tinaonjezera 10 peresenti monga mwa masiku onse, matailosi anatithera mzere wakukhoma tisanamalize. Tsopano abwana andiuza kuti ndiwerengere ndekha chipinda cha mamita 4 m'litali ndi mamita 3.5 m'lifupi, matailosi ake a masentimita 40 mbali zonse. Kodi ndionjezere angati?" Wophunzira ntchito, Ngabu

Achimwene, nambala imene amisiri ambiri amayendera pa dayamondi ndi 15 peresenti, ndipo pa chipinda chimenechi ikukwanira. Koma ndikadakonda kuti mudziwe kumene nambalayi imachokera, chifukwa tsiku lina adzakupatsani kolido yopapatiza kapena matailosi akuluakulu, ndipo 15 yomweyo idzakuchititsani manyazi pamaso pa mwini nyumba. Tailosi ya pakati pa chipinda imalowa yathunthu, kaya mwaiyala molunjika kaya mwaipendeketsa. Zotayika zonse zimachitikira m'mphepete, pamene mizere yopendekeka ikukumana ndi khoma, choncho chofunika kuwerenga ndi kutalika kwa makoma onse pamodzi ndi kuchuluka kwa zidutswa zimene mudule, osati kukula kwa pansi kokha.

Yambani ndi tailosi imodzi m'manja. Mukaipendeketsa, malo amene imatenga motsata khoma sakhalanso masentimita 40, koma kutalika kwake kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yopenyana nayo. Kutalika kumeneku mumakupeza pochulukitsa mbali imodzi ndi 1.414. Mukaphatikiza mpata wa mamilimita 3 umene timitanda ta pulasitiki timasiya pakati pa matailosi, mbali imakhala masentimita 40.3, ndipo mukachulukitsa mupeza masentimita 57. Ngati masamuwo akukukayikitsani, yalani matailosi atatu pansi ngodya ndi ngodya, muike timitanda, muyeze ndi tepi. Tanthauzo lake ndi lakuti pa masentimita 57 aliwonse a khoma pamafunika chidutswa chimodzi chachikulu chodulidwa.

Pansi pa chipinda chanucho ndi masikweya mita 14, ndipo tailosi imodzi imaphimba 0.16, kotero pakanapanda kudula kulikonse mukanafuna matailosi 88. Makoma anayi pamodzi ndi mamita 15. Mukagawa mamita 15 ndi masentimita 57 mupeza zidutswa zikuluzikulu 26. Njira imene ine ndimaphunzitsa ndi yakuti pa chidutswa chilichonse muonjezere theka la tailosi, chifukwa zinthu zikavuta chidutswa chimodzi chimadya tailosi yathunthu pamene chaphimba malo a theka lokha. Theka la 26 ndi 13, ndipo 88 kuphatikiza 13 ndi matailosi 101. Mukayerekeza ndi 15 peresenti ya masikweya mita 14 mupeza kuti mayankho awiriwa agwirizana, pakuti masikweya mita 16.1 ndi matailosi 101 omwewo.

Tsono si zidutswa zonse zimene zimadya tailosi yathunthu, ndipo apa ndi pamene kayalidwe ka mizere kamapulumutsa kapena kuononga ndalama za mwini nyumba. Ngati khoma ladutsa pakati penipeni pa tailosi, mumadula kamodzi kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya, n'kupeza zidutswa ziwiri zofanana zimene zonse zimagwira ntchito. Koma khoma likapitirira pakatipo ngakhale ndi zala ziwiri zokha, chidutswa chofunikacho chimaposa theka, ndipo chotsalacho chimachepera pa malo ena aliwonse a theka. M'chipinda chanu mbali ya mamita 4 ili ndi mwayi, chifukwa masentimita 57 amalowamo kasanu ndi kawiri, kutsala sentimita imodzi imene ndi mpata wofunika kukhoma. Mbali ya mamita 3.5 ilibe mwayi wotere: amalowamo kasanu ndi kamodzi, n'kutsala masentimita 8.

Masentimita 8 amenewa mungathe kuwachita ziwiri. Mukayambira pakati pa chipinda kuti mbali zonse zifanane, masentimitawo amagawikana 4 uku ndi 4 uko, ndipo makoma onse awiri aatali amafuna zidutswa zoposa theka, zisanu ndi ziwiri mbali iliyonse. Mukawerenga bwino mupeza matailosi athunthu 71, ena 14 odulidwa pa makoma aataliwo, ndi ena 6 ogawidwa pakati pa makoma aafupi, onse pamodzi 91. Pakati pa zidutswa zazikuluzo pamatsalanso timipata ta ngodya zitatu totalika masentimita 4, timene mumatseka ndi nsonga za zotsala. Timeneti sitifuna tailosi yatsopano koma timadya nthawi ndipo timathetheka msanga. Mukasankha kuyambira kukhoma limodzi lalitali ndi matheka enieni, masentimita 8 onse amapita kukhoma linalo, ndipo matailosi ofunika amatsika kufika pa 88. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi pamene khoma lotsalalo lidzabisika ndi bedi kapena kabati, koma pabalaza pamene mlendo amaona mbali zonse akangolowa, kufanana kwa mbali kumaposa mtengo wa matailosi atatu.

Mwina mufunsa kuti ngati 91 akukwana pa pepala, ena khumi aja ndi a chiyani. Pa pepala tailosi siisweka. Kudula kwa ngodya ndi ngodya ndi kumene kumavuta kuposa kudula kwina kulikonse, chifukwa mzere umayambira pa nsonga ndi kuthera pa nsonga, ndipo nsonga ndi imene imabenthuka mukamathyola. Nsonga ikabenthuka mbali imodzi, tailosi imene munayembekeza kuti ikupatsani zidutswa ziwiri yakupatsani chimodzi. Munthu amene akuphunzira kumene asadabwe kutaya zingapo pa zidutswa 26. Onaninso kutalika kwa makina anu odulira pamanja musanavomere ntchito: tailosi ya 40 imafuna makina opitirira masentimita 57, pamene ya 60 imafuna opitirira masentimita 85. Makinawo akafupika mudzakakamizika kudula ndi makina a magetsi ogwira m'manja, amene amadya milimita imodzi kapena awiri pa mzere, ndipo dzanja likagwedera amasiya m'mphepete mwa mano-mano.

Chinanso chimene chimaononga mawerengedwe ndi chipinda chimene ngodya zake si za sikweya, ndipo nyumba zambiri zimene mudzagwiremo zili choncho. Kokani tepi kuchokera pa ngodya ina ya chipinda kufika pa yopenyana nayo, kenako muyeze ngodya ziwiri zinazo. Pa chipinda cha mamita 4 ndi 3.5 miyeso yonse iwiri iyenera kukhala pafupifupi mamita 5.32. Ikasiyana ndi masentimita atatu kapena anayi, dziwani kuti zidutswa za kukhoma zizikula pang'onopang'ono kuchokera ku ngodya ina kupita ku inzake, ndipo matheka ofanana aja sadzalowa paliponse. Pamenepo musayembekeze kupulumutsa kanthu, muwerenge chidutswa chilichonse ngati tailosi yathunthu. Matailosi okhala ndi mizere yooneka ngati ya thabwa alinso ndi vuto lawo, pakuti theka lodulidwira khoma lalitali silingapite kukhoma lalifupi popanda mizere yake kuyang'ana kwina.

Kuti muone chifukwa chimene 15 peresenti siiyenera kudaliridwa paliponse, tengani kolido ya mamita 6 m'litali ndi mamita 1.2 m'lifupi. Pansi pake ndi masikweya mita 7.2, amene ndi matailosi 45 okha, koma makoma ake ndi mamita 14.4, kutanthauza zidutswa 25, pafupifupi zofanana ndi za chipinda chachikulu kawiri. Mwa njira yathu ija muonjezera 13 n'kufika pa 58, pamene 15 peresenti ikanakupatsani 52. Chimodzimodzi mwini nyumba akasintha maganizo n'kugula matailosi a masentimita 60 pa chipinda chanu chija, pansi pafunika 39, zidutswa zikhala 18, ndipo muyenera kuitanitsa 48, komwe ndi kuonjezera kopitirira 20 peresenti. Tailosi ikakula kapena chipinda chikapapatiza, gawo la zotayika limakwera.

Ku sitolo sagulitsa matailosi 101, amagulitsa makatoni, ndipo chiwerengero cha m'katoni chimalembedwa pambali pake. Ngati katoni ili ndi matailosi 12, makatoni 8 ndi matailosi 96, ndipo pa kayalidwe koyambira pakati mwatsala ndi asanu okha a ngozi zonse. Ndikuganiza kuti zimene zinakuchitikirani zija zinayambira pa kutsitsa nambala ya makatoni motere. Lembani makatoni 9, amene ndi matailosi 108. Siketing'i muiwerengere payokha ngati idzadulidwa ku matailosi omwewo. Mamita 15 kuchotsapo khomo la masentimita 90 amafuna timizere 36, ndipo podula timizere tinayi ta masentimita pafupifupi 10 pa tailosi iliyonse pafunika matailosi 9, kapena 18 ngati abwana anu amafuna timizere ta m'mphepete mwa fakitale tokhatokha kuti pamwamba pakhale posalala. Apa katoni ya khumi yalowa.

Mwini nyumba adzadandaula za katoni yoonjezerayo, ndipo kuno kuchigwa yankho lake ndi losavuta kulimvetsa. Matailosi ambiri amagulidwa ku Blantyre kapena ku Limbe, amatsika zikweza za Chikwawa pa galimoto, ndipo si kawirikawiri kuti onse afike amoyo, choncho tsegulani makatoni tsiku limene afika muwerenge osweka, muwaike padera kuti mudzadulepo zidutswa. Kubwerera ku tauni chifukwa cha matailosi asanu kumadya ndalama ya ulendo ndi tsiku lonse la ntchito, komanso mungakapeze kuti a gulu lomwelo anatha. Pa katoni pamakhala nambala ya gulu limene matailosi anawotchedwera limodzi, ndipo a gulu lina, ngakhale dzina ndi maonekedwe zikhale zomwezo, amatha kusiyana pang'ono mtundu kapena kukula, zimene zimaonekera bwino dzuwa likalowa pakhomo. Muonetseni mwini nyumbayo pepala limene mwalembapo 88, 26 ndi 13, ndipo mumuuze kuti otsalawo ndi ake, awasunge kuti adzasinthire ikadzasweka ina.

Ntchito ikatha, musanasese, werengani matailosi athunthu amene atsala ndi amene anasweka podula, mulembe m'kope pamodzi ndi miyeso ya chipinda, kukula kwa tailosi ndi makina amene munadulira. Mukachita zimenezi pa zipinda zisanu kapena zisanu ndi chimodzi mudzaona ngati theka la tailosi pa chidutswa likukuchulukirani, ndipo ngati zili choncho mungathe kutsitsa kufika pa tailosi imodzi pa zidutswa zitatu zilizonse m'zipinda zimene mwayeza n'kupeza kuti ndi za sikweya.