Munda wa pa foni umene umadikira mwini wake

"Mnzanga wa ku Dedza amagwira ntchito m'sitolo ku Sandton, ndipo pofika Lachisanu amakhala atatheratu. Nditamuuza za masewera olima a pa foni anandiseka, amvekere anathawa khasu kumudzi. Ndimulembere chiyani kuti andimvetse?"

Achemwali, mnzanuyo sanalakwe kuseka. Ife amene tinakula tikupalira chimanga mu Disembala, mawu akuti kulima satikumbutsa mpumulo. Ndiye musayambire pa kulimako. Yambirani pa nthawi, chifukwa chimene chimatopetsa munthu wogwira ntchito kuno ku Joni n'chakuti nthawi yake yonse ili ndi eni ake: takisi ya ku Bree, bwana, kasitomala, lendi.

Sankhaninso bwino, poti si masewera olima onse amene ali odekha. Ena amayendera wotchi yeniyeni, amafuna intaneti, ndipo amakulizirani foni usiku kuti tirigu wacha. Amenewo ndi bwana wachiwiri. Amene ine ndimasewera ndi Stardew Valley, omwe Eric Barone anapanga yekha n'kuwatulutsa mu 2016. Mumagula kamodzi, mulibe zotsatsa malonda, ndipo mukawaika pa foni safunanso bandulo. Mukawatseka, mundawo umaima pomwepo. Mukabwerako patatha mwezi, mbewu mumazipeza mmene munazisiyira.

Ndikanakhala inu ndikanamulembera chonchi:

"Iwe, sindikukutuma kudimba ayi. Nkhani yake imayamba ndi munthu wotopa ndi ntchito ya mu ofesi, amene akutsegula kalata ya agogo ake n'kupeza kuti anamusiyira munda. Ukafika umapatsidwa mbewu 15 za Parsnip, kamasamba kooneka ngati karoti woyera. Ukumbe, udzale, uthirire, basi. Tsiku lonse la mmenemo limatha mphindi pafupifupi 14 zenizeni, ndipo Parsnip amacha m'masiku anayi. Ndiye Lachisanu ukavula nsapato n'kuteleka tiyi, pafupifupi ola limodzi wakolola kale. Aliyense amagulidwa 35g, ndalama za mmenemo, kutanthauza kuti onse 15 akupatsa 525g, ndipo palibe amene adzakuitane ku ofesi kuti ufotokoze chifukwa chake sizinafike 600. Ukaiwala kuthirira, mbewu sifa, imangochedwa ndi tsiku limodzi. Mvula ikagwa imakuthiririra yokha, iwe n'kumakayenda kunyanja. Ndi liti pamene unalakwitsa kanthu kuntchito, chilango chake n'kungokhala kudikira mawa?"

Pamenepo mpomwe pagona nkhani. Kuntchito amagwira sabata yonse osaona mapeto a chimene wachita: wapinda zovala, kasitomala wasokoneza, wapindanso. M'masewerawa chimene wadzala amachiona chikuphuka tsiku ndi tsiku mpaka kuchizula ndi dzanja lake.

Koma mumuuziretu pamene pali minga, angadzakunenereni kuti munamunamiza. Nyengo iliyonse ili ndi masiku 28, ndipo ikatha, mbewu za nyengo imeneyo zimauma usiku umodzi. Ine ndinaphunzira mowawa. Ndinagula mbewu za Cauliflower pa 80g iliyonse n'kudzala pa tsiku la 20 la Spring, osawerengera kuti zimafuna masiku 12. Nditadzuka tsiku loyamba la Summer ndinapeza mizere ya zinyalala zokhazokha. Tsiku lomaliza kudzala mbewu imeneyi ndi la 16. Asanagule, aziwerenga masiku olembedwa pa paketi n'kuwaphatikiza ndi deti la tsikulo. Zikapyola 28, asiye. Mbewu zikapitirira 15, akhwangwala amayamba kudya, choncho aimike Scarecrow, chiopsezo chija timaimika m'munda mwa mapira. Sitolo ya Pierre, kogula mbewu, imatseka Lachitatu, zomwe zinandipsetsa mtima kawiri ndisanazolowere. Nsomba azisiye kaye, chifukwa kuwedza kwa mmenemo kumavuta poyamba ndipo kukhoza kumubwezera mkwiyo umene anausiya ku Sandton.

Vuto lalikulu ndi lina. Masewerawa amasunga zimene mwachita munthu wanu wa mmenemo akagona, ndipo akangodzuka mbewu zina zimakhala zacha, mtima n'kumati tsiku limodzi lokha. Mukazindikira, tambala walira, koma Loweruka mukulowa ntchito. Mungamudziwe kuti wasandutsa masewera kukhala ntchito akayamba kulemba m'kope mbewu yopindulitsa kwambiri, kapena kudandaula kuti munda wake ndi wosalongosoka poyerekeza ndi ya anthu ena. Ine ndinadziikira malire a masiku anayi pa usiku umodzi, kuchokera podzala Parsnip kufika pamene wacha, ndipo munthu wanga akalowa m'bulangete kachinayi, foni imapita pa chaja kukhitchini.